Mmene Tinazulitsira Chinangwa ku Nkhulambe

Ntchito yomasulira sindinaifunefune. Inandipeza ndili phee pa tebulo langa, ndikutayipa makalata. Nthawi imeneyo Phalombe anali atangopatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha, ndipo mabungwe ankatulukira uku ndi uku ngati bowa wa m'dzinja. Ine ndinali mlembi pa bungwe lina laling'ono la zaulimi pa Boma pomwepo. Ndinali ndi satifiketi ya shotihandi, kalembedwe kachidule ka alembi kaja, imene ndinakatenga ku Limbe, ndipo ndinkainyadira kuposa nsapato zanga za ku tchalitchi.

Alendo akunja ankabwera kawirikawiri kudzalankhula ndi alimi. Poyamba tinkangokoka aliyense wodziwa Chingerezi kuti aime pambali pa mlendoyo. Koma alendo athuwa akayamba kulankhula sankadziwa poimira, moti womasulira ankangogwira mchira wa nkhaniyo, mutu ndi mimba zitapita ndi mphepo. Abwana atatopa nazo anasankha anthu awiri kuti tiphunzitsidwe bwinobwino. Mmodzi ndinali ine, chifukwa Chilomwe ndinayamwa kwa amayi. Winayo anali bambo wa ku Jenala, wamkulu pang'ono kwa ine, amene kale ankaphunzitsa ku pulayimale. Tinkangoitanana kuti achimwene, achemwali.

Wotiphunzitsa anali mkulu wina wopuma pa ntchito, amene anamasulira m'makhoti zaka zambiri ndipo anakachitako maphunziro a omasulira pa misonkhano. Ankayenda ndi ndodo chifukwa cha bondo, ndipo ankalankhula pang'onopang'ono ngati mawu akuchita kugula. Tsiku loyamba ndinabwera ndi mabolopeni atatu ndi kope latsopano. Iwo anatambasula dzanja.

"Bweretsani kuno zonsezo, mayi."

"Nanga ndilembera chiyani, abambo?"

"Simulemba. Mumvera."

Masiku anayi athunthu sitinakhudze cholembera. Iwo ankakamba nkhani ya mphindi ziwiri m'Chingerezi, ife n'kuibwereza m'Chichewa kuchokera m'mutu. Kenako ya m'Chichewa, ife m'Chingerezi. Ankatiuza kuti nkhani tiziiona ngati chithunzi, tiziwerenga mfundo zake pa zala, ndipo tizidzifunsa kuti wachita ndani, wachita chiyani, chifukwa chiyani, ndiye zatha bwanji. Nkhani ikakhala ya mfundo zambiri, ankati tiziikhazika mu msewu umene timaudziwa bwino. Mfundo yoyamba tiisiye pa mjigo, yachiwiri pa chigayo, yachitatu pa geti la chipatala, yachinayi pa msika. Pomasulira tizingoyenda mu msewuwo m'maganizo n'kumatola zimene tinasiya.

Ine zinkandinyansa. Munthu wa satifiketi, mayi wa ana awiri, kumakhala pa benchi ndikupinda zala ngati mwana wa sitandade wani. Chondipsetsa mtima kwambiri chinali chakuti njira ya msewuyo inkathandizadi.

Tsiku lachisanu anatibwezera zolembera, koma makope athu anawakana. Anabweretsa awo, ang'onoang'ono, otsegukira m'mwamba, akuti kuti munthu uzitha kugwira ndi dzanja limodzi uli chiimire n'kumatembenuza tsamba mosachedwa. Anatiuza kuti tizilemba mbali imodzi yokha ya tsamba. Choyamba anatilembetsa mzere wotsika kumanzere kwa tsamba lililonse, kusiya kampata ka zala ziwiri.

"M'kampata aka mumakhala mfundo za chingwe," anatero. "Koma, chifukwa, choncho, ngati. Timawu timeneti ndi timene timamanga nkhani. Mukataya dzina la mbalame, anthu akhululuka. Mukataya ngati, mwanama."

Kumanja kwa mzerewo sitinkalemba mopingasa ngati kalata ayi. Wochita chinthu ankakhala pamwamba chakumanzere, chimene wachita pansi pake molowera kumanja, chochitidwacho pansi penipeni, ngati masitepe otsika. Ganizo likatha, mzere wopingasa, n'kuyamba lina. Zinthu zondandalika monga chimanga, nandolo, chinangwa, tinkazisanja chotsika, china pansi pa chinzake. Chinthu chikakanidwa, tinkachidula ndi mzere pakati. Chikatsindikidwa, mzere pansi pake. Muvi woloza m'mwamba unali kukwera kapena kuchuluka, woloza pansi kuchepa, wopingasa kusonyeza kuti ichi chabala icho. Kampira kakang'ono pamwamba pa chilembo kankaimira mutu wa munthu, moti chilembo cha ulimi chikavala kampirako chasanduka mlimi. Manambala, mayina ndi masiku, zimenezo ankati tizilemba nthawi yomweyo, chifukwa mutu suzisunga.

Ine ndinaona kuti kuvutika konseku n'kwachabe. Ndinadikira kuti ayambe nkhani ina, n'kuitsatira ndi shotihandi yanga, mawu onse. Atamaliza ndinaimirira monyada. Ndinawerenga chiganizo choyamba m'Chingerezi chamumtima, n'kuchitembenuza, n'kuchilankhula. Chachiwiri chimodzimodzi. Pa chachitatu ndinakakamira pa kamzere kena kokhota, osadziwa ngati ndinalemba mbewu kapena liwu lina. Iwo ankangoyang'ana wotchi.

"Nkhani ya mphindi zitatu mwaikamba mphindi zisanu ndi ziwiri, ndipo simunafike pakati," anatero. "Shotihandi imagwira mawu, mayi. Ife timagwira ganizo. Inu mukuwerenga kaye Chingerezi chanucho kenako n'kumasulira, ntchito ziwiri, anthu ali pa dzuwa."

Ndinavomera ndi pakamwa. Mumtima ndinati mkuluyu akungochita nsanje chifukwa iye shotihandi saidziwa.

Achimwene a ku Jenala aja matenda awo anali ena. Iwo anakondwa ndi zizindikiro kupyola muyezo. Aphunzitsi athu aja anati zizindikiro makumi awiri n'zokwana, zikhale zosavuta, dzanja lizizidziwa lokha, ndipo tisayerekeze kupanga chatsopano munthu ali m'kati molankhula. Koma achimwene anali ndi luso lojambula. M'mawa uliwonse ankabwera ndi zina zatsopano zimene anapanga kunyumba. Mbuzi inali ndi chake, mbuzi ya bere chake, feteleza wobzalira chake, wobereketsa chake. Chinangwa chinali kamuzu kokongola, chinangwa chodwala kamuzu komweko kokhala ndi kadontho pakati. Kudula ndi mzere ankati kumaipitsa chojambula, choncho anapanga kachizindikiro kawo ka ayi kokhala pambali. Ndipo popeza zojambulazo zinkafuna malo, kampata ka kumanzere kaja anakalowerera.

"Achimwene, zonsezi muzikumbukira?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Achemwali, ine ndaphunzitsa ana zana m'kalasi imodzi, onse ndikuwadziwa mayina. Ndingalephere timizu?"

Patatha milungu iwiri ndi theka kunabwera mlendo, mayi wodziwa za matenda a chinangwa. Unali mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwabe, ndipo ku Nkhulambe chinangwa chinali chitayamba kupiringizika masamba n'kuchita mawanga achikasu. Abwana anati uwu ndiye mpata wathu. Achimwene amasulira zimene mlendo alankhule, ine ndimasulira mafunso a alimi, ndipo aliyense azilemba pamene mnzake akugwira ntchito kuti tithandizane wina akaphonya. Aphunzitsi anati apita nawo kukangoonerera.

Tinadutsa pa mpata wa pakati pa mapiri pa galimoto ya bungwe, matope mpaka m'mawindo. Msonkhano unali pa bwalo la tchalitchi lina, pansi pa mitengo ya mango. Anthu anali ambiri, ena atakhala pa mikeka, ena atatsamira njinga zawo kumbuyo chifukwa anali ndi maulendo ena. Aphunzitsi anakakhala kumbuyo komweko pa benchi. Tisanayambe ndinapempha mlendoyo kuti aziima pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu. Anamwetulira, nati palibe vuto. Anayamba kulankhula, ndipo anaiwala nthawi yomweyo.

Zimene ananena ndinadzazimva bwino pambuyo pake. Anati matendawa amafala ndi tizilombo toyera touluka, komanso munthu akabzala mitengo yochokera ku chinangwa chodwala. Anati asazule munda wonse ayi. Azule chokhacho chimene chikuoneka kuti chadwala, ngati chili chaching'ono. Ngati chakula, achisiye adzakolole, koma asadzatengeko mbewu. Anatinso bungwe lidzabweretsa mbewu yopirira matendawa, koma osati chaka chino. Idzabwera poyamba pa mvula ya chaka chamawa, ndipo idzayambira ku makalabu a alimi atatu okha kuti aichulukitse, ena adzalandire kwa iwowo.

Ine ndinayamba bwino, masitepe anga akutsika monga tinaphunzirira. Koma mayiyo ankathamanga, kalankhulidwe kake kanali kachilendo m'makutu mwanga, ndipo mantha atandigwira dzanja linabwerera lokha ku shotihandi. Ndinayamba kuthamangitsa mawu. Ndinatsalira chiganizo chimodzi, kenako ziwiri, kenako ndinkalemba zimene ananena kale uku iye ali kutali. Pamene ankamaliza, patatha mwina mphindi zisanu ndi imodzi, ndinali ndi masamba anayi odzaza, koma nkhaniyo sindinaimve. Makutu anga anali ku dzanja.

Achimwene anatsokomola, n'kubwerera pa tsamba loyamba. Gawo la tizilombo analikamba bwino kwambiri, mpaka anthu anagwedeza mitu. Atafika pa kuzula anayandikitsa kope kumaso. Thukuta linali litanyowetsa tsamba. Panali dzanja lozula, kamuzu, dzanja lina, kamuzu kena, koma kadontho ka matenda sikankaoneka kuti kali pati, ndipo kachizindikiro ka ayi kanali katayandama pakati, kosadziwika mwini wake. Kumanzere kunalibe ngati, kunalibe koma. Munthu wina akanafunsa. Achimwene analumikiza okha.

"Mayiwa akuti matendawa ndi oopsa, ndiye muzule chinangwa m'minda mwanu, chaching'ono ndi chachikulu chomwe, musatengeko mbewu. Bungwe likubweretsa mbewu yatsopano ndi mvula ino, kudzera m'makalabu."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Ine ndinamva kuti china chake sichili bwino, koma ndikanatsutsa ndi chiyani? Ndinayamba kufufuza m'masamba anga anayi aja. Kumbuyo aphunzitsi anali atakweza dzanja, kenako anakweza ndodo, koma tonse awiri maso anali m'makope. Anali atatiuza kambirimbiri kuti kope timangolisuzumira, maso azikhala pa anthu. Achimwene anapitiriza mpaka tsamba lomaliza. Phokoso linakula, ena akufunsa kuti adya chiyani, ena akuti bola mbewu yatsopano. Pamene mkuluyo ankadutsa pakati pa mikeka ndi bondo lakelo, njinga zingapo zinali zitanyamuka kale.

Atafika kutsogolo anayamba ndi Chilomwe, kupempha anthu kuti akhale pansi chifukwa pali polakwika ndipo pakonzedwa pomwepo. Anauza mlendoyo mwachidule zimene zachitika. Mayiyo nkhope inafiira. Kenako aphunzitsi anandionetsa kapepala kamene analemba ali pa benchi. Theka la tsamba basi. Liwu lakuti zula lodulidwa ndi mzere, pansi pake lakuti chonse. M'kampata ka kumanzere munali ngati, ngati, koma, koma. Nambala ya makalabu. Chaka, ndi kamtanda kowonjezera chimodzi.

Ndinaganiza kuti amasulira okha. Iwo anapinda kapepalako n'kuika m'thumba.

"Mayi, apempheni abwereze, pang'onopang'ono. Tsegulani tsamba latsopano."

"Abambo, inuyo muli nazo kale zonse."

"Ine mawa kulibe. Apempheni."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanawalanda ndodoyo. Koma ndinapempha, ndipo mlendoyo anabwereza. Ulendo uno atangopitirira mphindi ziwiri ndinakweza dzanja, iye n'kuima. Ndinamvetsera kaye mpaka ganizo litamveka, ndiye n'kulemba. Zula, mzere pakati, chonse. Mzere wopingasa. Ngati kumanzere, chaching'ono chodwala, muvi, zula. Ngati wina, chachikulu, muvi, siya. Koma, mbewu yodulidwa ndi mzere. Polankhula ndinapeza kuti timawu tochepato tinkangondikumbutsa zimene ndinali nditamva kale, moti ndinkatha kuyang'ana anthu. Pa nambala ya makalabu sindinakhulupirire dzanja langa, ndinafunsanso. Palibe amene anaseka. Nkhani inafika yonse.

Tinakwera galimoto kubwerera ku Boma. Achimwene anayesa kunena kuti vuto linali bolopeni yotuluka inki yambiri. Aphunzitsi anawapempha kope, n'kuliyang'ana tsamba ndi tsamba.

"Mwajambula bwino," anatero, n'kuwabwezera. Kenako anatenga langa. Anaona masamba anayi a shotihandi aja, anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndikanakonda akanandikalipira.

Tinkaganiza kuti zathera pomwepo. Patatha masiku atatu mlangizi wa zaulimi wa kumeneko anatumiza uthenga kuti anthu a njinga aja anafalitsa nkhani yoyamba m'midzi ya kutali, cha kumalire, ndipo banja lina layamba kale kuzula. Abwana sanalankhule zambiri. Anati amene anamwaza ndiye akatole. Galimoto inali itapita ndi mlendo ku Blantyre, choncho tinakwera minibasi mpaka pamene inathera, kuchokera apo njinga zobwereka, ndipo pamene matope anakana njinga tinayenda wapansi.

Masiku awiri tinkayenda mudzi ndi mudzi ndi mlangiziyo, kubwereza mfundo zinayi zomwe zija mpaka ndinkazilota. Ambiri anali asanazule. Anthu a kwathu sathamangira mawu a pa msonkhano, amayamba aona kaye mnzawo. Koma bambo mmodzi anathamanga, akufuna kuti mbewu yatsopano ikafika ipeze munda wake uli wokonzeka. Tinapeza pafupifupi theka la munda lili mbee, mitengo itaunjikidwa m'mphepete, timizu tating'ono ngati zala tikuuma pa dzuwa. Chambiri mwa chinangwacho chinalibe matenda n'komwe.

Bamboyo anangoima, manja kumbuyo. Amene anatilandira anali mkazi wake, mayi wamfupi, khasu lili pa phewa. Mlangizi anamufotokozera kuti ife ndi amene tinamasulira tsiku lija, ndipo tabwera kudzapepesa. Anatiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndiye ophunzirawo ndinu?" anafunsa m'Chichewa chake cha Chilomwe. "Mzunguyo ananena kuti tisazule?"

"Anatero, mayi."

"Inu n'kunena kuti tizule."

Achimwene anayamba kufotokoza za kadontho. Anafika potulutsa kope m'thumba kuti amuonetse. Ndinawaponda phazi, koma anali atatsegula kale. Mayiyo anasuzumira kamuzu kojambulidwa bwino kaja.

"Chinangwa chake n'chimenechi? Makaka a chaka chino ndidzasenda chimenechi?"

Ankanena za chinangwa chosenda n'kuyanika chimene anthu amasunga kuti adzadye. Mlangizi anati popeza mvula ikugwabe, mitengo imene inali isanaume tikhoza kuidula n'kuibzalanso, tikasankha ya masamba abwino. Zokolola zidzachedwa ndipo zidzachepa, koma munda sukhala wopanda kanthu. Mayiyo analowa m'nyumba n'kutuluka ndi zikwanje ziwiri ndi khasu lina. Sanatifunse ngati tikufuna. Tinagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, ine ndi siketi yanga ya ku ofesi, achimwene atapinda buluku. Tinkasankha, kudula, kuzika m'mizere. Iye ankabwera kumbuyo kwathu n'kumazula paliponse pamene taika mtengo chozondoka. Madzi akumwa anatipatsa, koma sanatimwetulire ngakhale kamodzi.

Titabwerera ku ofesi ndinapempha abwana kuti banjalo lilowe m'kalabu imodzi mwa atatu oyamba aja, ndipo anavomera. Achimwene anakhalabe pa ntchitoyo chaka china asanabwerere ku uphunzitsi. Zizindikiro zawo anazichepetsa, ngakhale mpaka tsiku lochoka ankanenabe kuti ikanakhala bolopeni ina, zonse zikanayenda bwino. Ine ndinamasulira zaka zisanu ndi zitatu, m'matchalitchi, m'makalasi, pansi pa mitengo, ndipo ndinafika poti nkhani ya mphindi zisanu inkakwana masamba awiri a kakope kaja.

Koma kulowa m'kalabu kwa mayi uja kunandibweretsera mtolo wina. Msonkhano uliwonse wa ku Nkhulambe iye ankakhala kutsogolo penipeni, miyendo atatambasula, maso pa ine. Mlendo akalankhula, ine n'kumasulira bwinobwino, iye ankakweza dzanja.

"Afunseninso. Anenadi choncho?"

Ndinkafunsanso, mlendo n'kuvomera modabwa, ine n'kubwereza. Amayi anzake anatengera khalidwelo, moti misonkhano ya kumeneko inkatenga nthawi yaitali kuposa ya kwina kulikonse. Alendo ena ankasangalala, akumati alimi a kuno ndi achidwi kwambiri, ndipo mmodzi anandifunsa kuti chinsinsi chake n'chiyani. Ndinamuyankha kuti ndi anthu okonda chinangwa chawo, n'kumupempha kuti apitirize, chifukwa kumapiri kunali kutayamba kuda ndipo msewu uja ukanyowa sudutsika.